Mukadina “Continue with Google”, mwapereka chiyani kwenikweni?

Achemwali anga ali ndi shopu ya mayunifolomu a sukulu ndi makope ku Limbe. Tsiku lina anandiimbira kuti ndikaweruka ndidzere kushopuko chifukwa foni yawo inkachita zosamveka. Nditafika anatsegula Google Drive n'kundionetsa mafayilo atatu, lililonse la kumapeto kwa mwezi, onse malipoti a malisiti. Anawalemba ndi pulogalamu ina yojambulira malisiti imene iwo anali ataichotsa m'foni miyezi itatu m'mbuyomo. Pasiwedi ya Google nayonso anali atasintha pamene mnyamata wina amene ankawathandiza m'shopumo anasiya ntchito.

“Achimwene, chinthucho ndinachifufuta ndekha ndi manja angawa, pasiwedi ndinasintha. Nanga chikulowera pati?”

Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake likukhudza aliyense amene anadinapo batani lolembedwa “Continue with Google” kapena “Continue with Facebook”. Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu, ndipo mabatani amenewa ndawaikapo ndekha kangapo. Chimene ndaona n'chakuti batani limodzi lomweli limagwira ntchito ziwiri zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi kuuza pulogalamu kuti inu ndinu ndani. Yachiwiri ndi kuipatsa kiyi wolowera m'zinthu zanu. Ambirife timaganiza kuti tachita yoyamba yokha, pomwe nthawi zina tachita zonse ziwiri.

Pasiwedi simwapereka, izo n'zoona

Tiyambe ndi chimene chili chabwino, chifukwa chilipo. Njira imeneyi isanabwere, tsamba la pa intaneti likafuna kukupezerani anzanu linkakupemphani imelo ndi pasiwedi yake, n'kulowa m'bokosi lanu la makalata ngati kuti ndinu. Panalibe malire a zimene lingaone, ndipo panalibe njira yolithamangitsira kupatula kusintha pasiwedi. OAuth, malamulo amene batani lija limayendera, inalembedwa mu 2007 pofuna kuthetsa zimenezi, ndipo imene tikugwiritsa ntchito lero, OAuth 2.0, inatuluka mu Okutobala 2012 m'chikalata cha RFC 6749. Cholinga chake chinali chilolezo: kulola pulogalamu kugwira ntchito inayake m'malo mwanu popanda kuidziwitsa pasiwedi. Za kudziwitsa kuti munthu ndi ndani zinabwera pambuyo, mu 2014, pamene OpenID Connect inamangidwa pamwamba pake. N'chifukwa chake ntchito ziwiri zija zimadzera pakhomo limodzi.

Mukadina batani lija, pulogalamu imakutumizani kwa a Google itanyamula pempho. Pempholo limalembedwa mu adiresi, ndipo likadulidwa kuti lioneke bwino limakhala chonchi:

```
https://accounts.google.com/o/oauth2/v2/auth
  ?client_id=...
  &redirect_uri=https://example.com/callback
  &response_type=code
  &scope=openid email profile
  &state=...
```

Mzere wa `client_id` ndi nambala imene a Google anapatsa pulogalamuyo pamene eni ake anailembetsa. Wa `redirect_uri` ndi kumene mukabwezedwe mukamaliza, ndipo a Google amakana kukutumizani kumalo kumene sikunalembetsedwe kale. Koma mzere umene ndikufuna muukumbukire ndi wa `scope`. Umenewo ndiwo mndandanda wa zimene pulogalamu ikupempha, ndipo mawu amene mumawerenga pa sikirini yopempha chilolezo ndi mzere womwewu utamasuliridwa kuti munthu amve.

Mukavomera, a Google amakubwezani kupulogalamu mutanyamula khodi yaifupi. Khodi imeneyi imagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo RFC 6749 imalangiza kuti isakhale yamoyo kupitirira mphindi 10. Seva ya pulogalamu, kompyuta ya eni ake imene imakhala pa intaneti, imatenga khodiyo, n'kupita nayo kwa a Google kuseri, inu osaona, pamodzi ndi mawu ake achinsinsi osonyeza kuti ndi iyodi. Kumeneko imasinthanitsa khodiyo ndi matokeni. Paulendo wonsewu pasiwedi yanu, ngati munailemba n'komwe, munailemba patsamba la a Google. Pulogalamu sinaione.

Ndinawafotokozera achemwali zimenezi ndipo anati, “Ndiye bwino, pasiwedi alibe.” Ndinavomera kuti alibe. Vuto n'lakuti saifuna.

Kalata ya amfumu ndi kiyi

Zimene seva imalandira posinthanitsa paja zimatha kuoneka chonchi:

```
{
  "access_token": "ya29....",
  "expires_in": 3599,
  "refresh_token": "1//0...",
  "scope": "...",
  "token_type": "Bearer",
  "id_token": "eyJ..."
}
```

Muli matokeni atatu, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake.

Ya `id_token` ili ngati kalata ija timakatenga kwa amfumu yonena kuti uyu ndi munthu wa m'mudzi mwathu, dzina lake ndi ili. Sitsegula chitseko chilichonse, imangochitira umboni. A Google amaisainira mwa masamu, kotero kuti pulogalamu ikhoza kutsimikiza kuti palibe anasintha zolembedwamo. M'kati mwake mumakhala zinthu zochepa: amene waitulutsa, pulogalamu imene ailembera, nthawi imene ithere mphamvu, ndi nambala yanu yosasintha yotchedwa `sub`. Ngati pempho linali ndi `email`, mumakhalanso adiresi ya imelo ndi chizindikiro chosonyeza ngati inatsimikizidwa. Ngati linali ndi `profile`, mumakhala dzina lanu ndi adiresi ya chithunzi cha pa akaunti yanu. Pulogalamu imene yapempha `openid email profile` basi imalandira zimenezi, osati makalata anu, osati manambala a anzanu, osati zithunzi za m'foni. Mawu oti `email` amaopseza anthu ambiri, koma pamenepa akutanthauza adiresi yokha, osati bokosi la makalata.

Zimenezi sizochepa kwenikweni. Dzina lanu lenileni, nkhope yanu ndi imelo yotsimikizika ndi katundu wamtengo kwa otsatsa malonda. Nambala ya `sub` ya a Google imakhala yomweyo m'mapulogalamu onse amene mwalowamo ndi akaunti imodzi, pomwe a Facebook kuyambira 2014 amapatsa pulogalamu iliyonse nambala yakeyake ya munthu yemweyo. A Apple, amene anayamba njira yawo mu 2019, amalola kubisa imelo: pulogalamu imalandira adiresi yothera ndi `@privaterelay.appleid.com` ndipo makalata amadzera mwa iwo. Komanso a Google kapena a Facebook eni akewo amadziwa pulogalamu iliyonse imene mwalowamo kudzera mwa iwo. Komabe ngati pempho lathera pamenepa, mwapereka kalata ya umboni, ndipo ine sindiona chifukwa choopera.

Ya `access_token` ndiye kiyi. Pulogalamu ikafuna kuwerenga kapena kulemba china chake mu akaunti yanu, imaonetsa tokeni imeneyi kwa a Google, iwo n'kuona ngati chimene ikufunacho chili m'gulu la zimene munalola. Kuno mawu oti tokeni tinawazolowera pa magetsi, koma pali kusiyana kofunika. Tokeni ya magetsi imagwira pa mita yanu yokha, wina akaitola alibe nayo ntchito. Iyi ili ngati khadi la mayunitsi lokala kale: amene waligwira ndiye mwini wake. Ndilo tanthauzo la mawu oti `Bearer` aja. Ngati seva ya pulogalamu yathyoledwa ndipo akuba atenga matokeni, angathe kulowa nawo ngati kuti ndi pulogalamuyo, osafunsidwa pasiwedi, osafunsidwanso nambala ija imabwera pa foni potsimikizira kachiwiri. Pofuna kuchepetsa ngozi imeneyi, kiyiyu amapatsidwa moyo waufupi. Nambala ya 3599 ija ndi masekondi, kutanthauza ola limodzi.

Ndiye ngati kiyi amafa pakatha ola, mafayilo a achemwali ankabwera bwanji patatha miyezi itatu? Yankho lili pa tokeni yachitatu, `refresh_token`. Iyi sitsegula chitseko, koma imadulitsa makiyi atsopano, ngati aja amadula makiyi mumsika. Kiyi wa ola limodzi akafa, seva imapita kwa a Google ndi tokeni imeneyi n'kulandira kiyi wina, inu muli mtulo. Kwa a Google, pulogalamu yokhala ndi seva imailandira ikaika `access_type=offline` m'pempho lija, kutanthauza kuti ikufuna kugwira ntchito ngakhale inu mulibe pa intaneti. Ndipo tokeniyo imasungidwa pa seva ya eni pulogalamu, kulikonse kumene ili, osati m'foni mwanu. Kufufuta pulogalamu m'foni kuli ngati kugwetsa chikwangwani cha shopu: mwini wake akadali ndi makiyi m'thumba.

Nanga pasiwedi imene anasintha? Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Malinga ndi malamulo a Google, kusintha pasiwedi kumapha tokeni yodulitsa makiyi ngati zilolezo zake zikukhudza Gmail. Ya achemwali inali ya Drive, choncho inapitiriza kugwira ntchito. Tokeni yotere imafanso ikakhala miyezi 6 osagwiritsidwa ntchito, koma seva ija inkaigwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi, ndiye miyezi 6 sinkakwana. Panalibe ufiti kapena kuthyola. Seva inkangochita ntchito imene anailola tsiku loyamba lija.

Chilolezo chimanena zimene ingathe, osati zimene ikufuna

Tinatsegula `myaccount.google.com/connections`, pamene pamaoneka mapulogalamu onse amene ali ndi ubale ndi akaunti, ndipo tinapeza pulogalamu ija. Pansi pake panalembedwa chiganizo ichi: “See, edit, create, and delete all of your Google Drive files”. Kuona, kusintha, kupanga ndi kufufuta mafayilo onse a mu Drive. Achemwali anakhala chete kaye, chifukwa mu Drive imeneyo simunali malisiti okha. Munali chithunzi cha chiphaso chawo cha unzika, pangano la lendi ya shopu, ndi mndandanda wa makolo amene anatenga mayunifolomu pa ngongole, mayina ndi manambala a foni.

“Koma iyo inati ikufuna kusunga malisiti basi.”

Ndikukhulupirira kuti inatero, ndipo mwina sinanama. Sindinapeze chizindikiro choti inatsegula fayilo ina iliyonse. Koma mfundo imene ndikufuna ikhazikike ndi iyi: a Google sayang'ana chifukwa chimene pulogalamu inakuuzani nthawi iliyonse imene yabwera ndi kiyi. Amayang'ana ngati kiyiyo akulowa pachitsekocho. Lonjezo loti tikufuna malisiti okha lili pakati pa inu ndi eni pulogalamu. Malire amene makina amasunga ndi amene alembedwa pa sikirini ya chilolezo. Mukapatsa mmisiri kiyi wa pageti ndi wa zipinda zonse kuti akakonze mpopi wa kubafa, akhoza kukhala munthu wokhulupirika amene sangayang'ane kuchipinda, koma chomuletsa ndi khalidwe lake, osati loko.

Chimene chimandipweteka monga wolemba mapulogalamu n'chakuti kiyi wamng'ono analipo. A Google ali ndi zilolezo ziwiri za Drive zimene mayina ake amafanana:

```
https://www.googleapis.com/auth/drive
https://www.googleapis.com/auth/drive.file
```

Choyambacho n'cha mafayilo onse. Chachiwiricho chimalola pulogalamu kugwira mafayilo okhawo amene yapanga yokha kapena amene inu mwaisankhira, ndipo pa sikirini chimawerengedwa kuti “See, edit, create, and delete only the specific Google Drive files you use with this app”. Pulogalamu yojambula malisiti n'kuwasunga sifuna zoposa pamenepa. Ziganizo ziwirizi zimayamba ndi mawu ofanana, ndipo munthu amene ali ndi kasitomala patsogolo pake sawerenga mpaka pakati pamene pali kusiyana, pa “all” ndi “only”. Ife olemba mapulogalamu nthawi zina timapempha chachikulu chifukwa n'chosavuta kugwiritsa ntchito, kapena poganiza kuti mwina tidzachifuna mtsogolo. Ndi chizolowezi choipa, ndipo amene amalipira ndi munthu ngati achemwali.

Mawu oti kuwerenga kokha nawonso amanyenga. Chilolezo cha `gmail.readonly` chimamveka chofatsa poyerekeza ndi chija chonena kuti “Read, compose, send, and permanently delete all your email from Gmail”. Koma ganizirani zimene zimadutsa m'bokosi lanu: masitetimenti a kubanki, makalata ofunsira ntchito okhala ndi masatifiketi, ndiponso makalata aja amabwera mukaiwala pasiwedi ya tsamba lina. Amene angawerenge bokosi lanu akhoza kupita patsamba linalo, n'kunena kuti waiwala pasiwedi, n'kuwerenga kalata yobwera. Sanalembe kanthu, sanafufute kanthu, koma walowa. Ndipo chilichonse chimene pulogalamu ingawerenge, ingathenso kuchikopera n'kusunga kwawo.

Pali zilolezo zinanso zimene zimapereka zinthu zosakhala zanu. Mukalola pulogalamu kuona manambala a anthu amene munasunga, mwapereka dzina ndi nambala ya apongozi anu, ya abusa, ya makasitomala, onsewo osafunsidwa. Nkhani yodziwika kwambiri ya mtundu umenewu ndi ya Cambridge Analytica, imene inaululika mu Malichi 2018. Pulogalamu ya mafunso yotchedwa thisisyourdigitallife, yolembedwa ndi Aleksandr Kogan, inagwiritsidwa ntchito ndi anthu pafupifupi 270,000 amene analowa kudzera pa Facebook. Panthawiyo malamulo a Facebook ankalola pulogalamu kutenganso zambiri za anzake a munthu amene wavomera, ndipo a Facebook eni ake ananena kuti anthu okhudzidwa akhoza kufika 87 miliyoni. Palibe pasiwedi imene inabedwa. Chitseko chimenecho a Facebook anachitseka pakati pa 2014 ndi 2015, koma zimene zinali zitakopedwa kale sizinabwerere ndi kutsekako.

Dzina lolembedwa pamwamba pa sikirini ya chilolezo nalonso amasankha ndi wolemba pulogalamu. Mu Meyi 2017 anthu ambiri analandira imelo yooneka ngati mnzawo wawagawira chikalata. Atadina anafika patsamba lenileni la a Google, adiresi yolondola, pamene pulogalamu yodzitcha “Google Docs” inkapempha kulowa mu Gmail ndi m'manambala awo. Sinali ya Google. Aliyense wovomera, pulogalamuyo inkatumiza imelo yomweyo kwa anthu ake onse. A Google anaitseka patangotha pafupifupi ola limodzi, ndipo pambuyo pake anayamba kuonetsa chenjezo pa mapulogalamu amene sanawaunike, limene lero limati “Google hasn't verified this app”. Masiku ano zilolezo zazikulu ngati za Gmail yonse kapena Drive yonse zimafuna kuti pulogalamu iunikidwe isanaperekedwe kwa anthu ambiri. Kuunikako kumathandiza, koma sikuchepetsa zitseko zimene kiyi amatsegula. Ndipo mukaona chenjezolo pa pulogalamu imene simukudziwa mwini wake, bwererani.

Ndiye sikirini ija tiziiwerenga bwanji? Ine ndimayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba, ngati ikungonena za dzina, imelo ndi chithunzi, ndi kalata ya umboni chabe. Ikangotchula Gmail, Drive, Contacts, Calendar kapena Photos, ndi kiyi, ndipo ndimafunsa ngati ntchito imene ndikufuna ingatheke popanda kiyi ameneyo. Masewera a pa foni safuna makalata anga. Tsamba lofunsira ntchito likufuna fayilo imodzi ya mbiri ya maphunziro anga, imene ndingathe kuikweza ndekha. Chachiwiri, ndimayang'ana ngati pali timabokosi tochonga. Pulogalamu ikapempha zinthu zingapo, a Google nthawi zambiri amalola kuvomera china n'kukana china, ndipo a Facebook nawonso amalola kuchotsa zina kupatula dzina ndi chithunzi. Pulogalamu yolembedwa bwino imapitiriza kugwira ntchito, n'kudzapemphanso pa nthawi imene chinthucho chafunikadi.

Chinthu china chosiyana ndi zonsezi, koma chofala, ndi batani labodza. Pulogalamu imajambula batani lofanana, mukadina n'kukuonetsani kabokosi kake kolembamo imelo ndi pasiwedi. Pamenepo palibe OAuth, mukungopereka pasiwedi m'manja. Pa foni ya Android imene muli kale akaunti yanu, njira yeniyeni nthawi zambiri imangokuonetsani maakaunti anu kuti musankhe. Ikakutengerani patsamba, adiresi iyenera kuoneka, ndipo ikhale `accounts.google.com` kapena `facebook.com` popanda mawu ena pakati pa `.com` ndi kamzere koyamba ka `/`. A Google amakana kulowetsa anthu kudzera pazenera lobisika m'kati mwa pulogalamu pa chifukwa chomwechi, ndipo uthenga wa `disallowed_useragent` ukaoneka ndiye kuti akana zimenezo.

Zathu za kuno

Pali zinthu ziwiri zimene ndimakumana nazo mu Blantyre muno zimene olemba malamulo amenewa mwina sankaziganizira kwambiri.

Anthu ambiri Gmail sanatsegule okha. Anawatsegulira amene anawagulitsa foni, kapena mwana wa achimwene awo, kapena mnyamata wa pamalo pojambulitsa mapepala, ndipo pasiwedi inalembedwa pakapepala kamene kanatayika kalekale. Nthawi zina nambala yobwezeretsera akaunti ndi ya wotsegulayo. Kale zimenezi zinkangokhudza imelo imene munthu sankaigwiritsa ntchito n'komwe. Koma mukayamba kulowa paliponse ndi akaunti imeneyo, yasanduka geti la mpanda wonse. Amene akudziwa pasiwedi yake akhoza kulowa m'pulogalamu iliyonse imene munalowamo ndi batani lija, ndipo foni ikabedwa m'minibasi ya ku Ndirande inu osadziwa pasiwedi, mwatsekeredwa kunja kwa zonse nthawi imodzi. Pamapulogalamu enawo mulibe pasiwedi yoti mukumbukire, chifukwa simunaikeko. Musanadalire batani limeneli, tsimikizani kuti pasiwedi ya akaunti yaikuluyo mukuidziwa nokha, nambala yobwezeretsera ndi yanu ndipo ikugwira ntchito, komanso kutsimikizira kachiwiri n'koyatsa.

Chinanso n'cha Facebook. Ambiri kuno anatsegula ndi nambala ya foni, opanda imelo. Pulogalamu ikapempha `email` kwa munthu wotere, sipabwera kanthu. Ndaonapo mapulogalamu akugwa pamenepa chifukwa wolemba ankaganiza kuti aliyense ali ndi imelo. Ndaonanso munthu akulira kuti zinthu zake zonse zasowa, pomwe mwezi watha analowa ndi Facebook, lero walowa ndi Google, ndipo pulogalamu yamutsegulira akaunti yatsopano yopanda kanthu chifukwa ikuona anthu awiri osiyana. Zikakuchitikirani, tulukani n'kuyesa batani linalo musanataye mtima. Kwa anzanga olemba mapulogalamu, a ku MUBAS amene mukuyamba kumene ndi ena tonse, munthu muzimuzindikira ndi `sub` pamodzi ndi amene waitulutsa, osati ndi imelo. Imelo imasintha, ya kuntchito ikhoza kupatsidwa kwa munthu wina, ndipo kulumikiza maakaunti awiri chifukwa choti imelo yafanana, osaona ngati inatsimikizidwa, ndi njira yolowetsera mlendo m'nyumba ya mwini.

Kulanda kiyi

Pa tsamba lija la `myaccount.google.com/connections` tinasankha pulogalamu ya malisiti n'kuchotsa chilolezo chake. Zimatenga masekondi ochepa. Kuyambira pamenepo, seva ikapita kukadulitsa kiyi watsopano imabwezedwa ndi yankho loti `invalid_grant`. Pa Facebook malo ake ali mu Settings, pa “Apps and websites”. Kumeneko makiyi aafupi amakhala ola limodzi kapena awiri, aatali pafupifupi masiku 60, ndipo pulogalamu imene simunaigwiritse ntchito kwa masiku 90 imasiya kulandira zambiri zanu zatsopano, koma palibe chifukwa chodikirira masiku amenewo.

Tili pomwepo tinapeza mapulogalamu ena 14 pa akaunti ya achemwali. Ambiri anali a kalata ya umboni chabe, dzina ndi imelo, ndipo tinasiya amene akuwagwiritsabe ntchito. Kupatula ija ya malisiti, panali ina imodzi yokhala ndi kiyi: yosungira manambala a foni imene iwo sankaikumbukira n'komwe.

Kenako anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera. “Ndiye zatha? Zimene anatenga zabwerera?”

Ayi, ndipo apa ndi pamene OAuth imathera mphamvu. Kuchotsa chilolezo kumatseka chitseko kuyambira lero. Sikufufuta akaunti imene pulogalamu inakutsegulirani kwawo, sikufufuta dzina ndi imelo zimene inasunga, ndipo sikufufuta chilichonse chimene inakopera pamene chitseko chinali chotsegula. Malisiti onse amene achemwali anajambula akhoza kukhala akadali pa seva ija. Kuti zimenezo zichoke muyenera kupempha eni pulogalamu, kudzera pa batani lofufutira akaunti ngati lilipo kapena powalembera kalata. Ndondomeko yabwino ndi kuyamba kufufuta akaunti m'pulogalamumo mukadali ndi njira yolowera, kenako kuchotsa chilolezo kwa a Google, n'kumaliza ndi kuchotsa pulogalamu m'foni. Ambirife timachita chomalizachi chokha. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zambiri za anthu la 2024, limene a MACRA amayang'anira, ndipo limapatsa munthu ufulu wopempha kuti zambiri zake zifufutidwe. Koma kampani ikakhala kutsidya kwa nyanja, yopanda ofesi kuno, kuikakamiza n'kovuta, ndipo simungaone ndi maso kuti yafufutadi.

Ifeyo tinali titalumpha kale ndondomekoyo, choncho tinalemba imelo kwa eni pulogalamu, kuchokera pa adiresi yomwe akaunti inatsegulidwira, kupempha kuti afufute akaunti ndi zonse zimene anasunga. Chithunzi cha chiphaso cha unzika ndi mndandanda wa angongole tinaziyang'ana mbiri yake mu Drive, ndipo sitinaone kuti zinasinthidwapo kapena kugawidwa kwa munthu wina. Ndinawauza achemwali mosabisa kuti mbiri imeneyo imaonetsa kusintha ndi kugawa, koma pa akaunti wamba ngati yawo simungadalire kuti ionetsa fayilo imene pulogalamu inangoiwerenga.

Malisiti akujambulabe, chifukwa shopu siyenda popanda malisiti. Tinapeza pulogalamu ina, ndipo sikirini ya chilolezo itabwera anandipatsa foni kuti ndiwerenge. Ndinawabwezera kuti awerenge okha mpaka pakati pa chiganizo. Anapeza mawu oti “only the specific Google Drive files”, n'kuvomera. Mwezi utatha anandiimbira kuti fayilo ya pulogalamu yakale ija sinabwere.